Kubwezeretsa Chiyankhulo cha Foni Ikayamba Kulemba M'chiyankhulo Chimene Simukuchidziwa

Foni ikasintha chiyankhulo mwangozi, mawu a pa sikirini okha ndiwo amasintha. Zithunzi zanu, mameseji, manambala a anthu ndi maakaunti zimakhala zili momwemo, ndipo mizere ya mu menyu imakhala ili pa malo ake akale, yotsatana monga inalili, ndi tizizindikiro take tomwe tija. Zili ngati nyumba imene wina wasintha zikwangwani za pa zitseko koma zipinda sanazisunthe. Choncho njira yobwezeretsera chiyankhulo siidalira kuwerenga mawu achilendowo. Imadalira kuzindikira tizizindikiro, kudziwa malo a mzere uliwonse, ndi kupewa kudina chinthu chimene simukudziwa ntchito yake.

Choyamba, dziwani chimene chasintha

Musanayambe kufufuza mu menyu, onetsetsani kuti mwadziwa pamene pali vuto, chifukwa zinthu zitatu zosiyana zimaoneka ngati vuto limodzi. Bwererani pa sikirini yoyambirira ndipo muyang'ane maina a mapulogalamu amene anabwera ndi foni, monga wotchi, kamera ndi kalendala, komanso tsiku limene lalembedwa pafupi ndi nthawi. Ngati zonsezi zili m'chiyankhulo chachilendo, ndiye kuti chiyankhulo cha foni yonse ndicho chasintha. Ngati zonsezi zili bwinobwino koma pulogalamu imodzi yokha ndiyo ikulemba zosamveka mukaitsegula, vuto lili mu pulogalamuyo kapena mu akaunti imene munalowera. Ngati menyu ikuwerengeka paliponse koma zilembo zachilendo zikutuluka pokhapokha pamene mukufuna kulemba meseji, ndiye kuti kiyibodi yokha ndiyo yasintha.

Vuto la kiyibodi ndi losavuta. Pa mzere wa m'munsi wa kiyibodi pamakhala kachizindikiro kooneka ngati mpira wa dziko lapansi, ndipo kukadina kumasinthasintha ziyankhulo zimene zinaikidwa pa kiyibodiyo. Ngati kachizindikiroko palibe pa foni ya Android, gwirani kwa kanthawi batani lalitali losiyira mpata pakati pa mawu, ndipo mndandanda wa makiyibodi utuluka. Pa kiyibodi ya Samsung mumangotsetsereza chala pa batani lalitalilo kupita kumanja kapena kumanzere, ndipo n'chifukwa chake pa mafoni amenewa kiyibodi imasintha kawirikawiri mwini wake asakudziwa.

Foni ya Android imene yayamba kulemba Chitchaina

Tiyeni titsate nkhani imodzi kuchokera poyamba mpaka pomaliza. Tiyerekeze kuti mwana amaseweretsa foni ya Android, ndipo pobweza foniyo zonse zili m'Chitchaina, pamene mwini wake anazolowera menyu ya Chingerezi. Ndasankha Chitchaina dala chifukwa munthu wosachidziwa sangathe ngakhale kuyerekeza tanthauzo la liwu limodzi, choncho njira imene ingagwire ntchito pano igwiranso pa chiyankhulo china chilichonse.

Yambani ndi kutsegula malo osinthira makonzedwe a foni, amene m'Chingerezi amalembedwa kuti Settings. Musawafunefune ndi dzina. Tsetserezani chala kuchokera pamwamba penipeni pa sikirini kupita pansi, ndipo ngati n'kofunika chitaninso kachiwiri, kufikira mutaona kachizindikiro kooneka ngati kagudumu ka mano-mano, kamene amakanika amati giya. Kachizindikiro kameneka sikasintha ndi chiyankhulo. Kadineni. M'Chitchaina pamwamba pa tsamba limene litseguke pakhoza kulembedwa 设置, koma simukufunika kuwerenga zimenezo kuti mudziwe kuti mwafika, popeza mizere yoyambirira idzakhala ndi tizizindikiro todziwika ta intaneti ndi zolumikizira zina.

Kenako tsikani mpaka kumunsi kwenikweni kwa mndandandawo. Pa mafoni ambiri a Android, kuphatikizapo a Google Pixel, Nokia, Motorola, Tecno, Infinix ndi itel, chiyankhulo chimapezeka mu gawo lotchedwa System, limene limakhala pakati pa mizere yomalizira. Kawirikawiri kachizindikiro kake kamakhala chilembo cha i chili m'kati mwa kabwalo. M'Chitchaina liwu lake ndi la zilembo ziwiri, 系统. Pafupi pake pamakhala mzere wina wa About phone, umene ukatsegulidwa umaonetsa dzina la foni ndi manambala ambirimbiri. Mukaona manambala otere, dziwani kuti mwalowa mzere woyandikana nawo, ndipo bwererani ndi kamuvi kobwerera kumbuyo. Kutsegula tsamba ndi kutulukamo sikuononga kanthu. Choopsa ndi kuvomereza funso limene foni yafunsa inu osalimva.

Mu gawo la System mzere woyamba nthawi zambiri ndi umene mukuufuna. M'Chingerezi umalembedwa kuti Languages & input, kapena Languages basi pa mafoni atsopano, ndipo kachizindikiro kake ndi mpira wa dziko lapansi kapena chilembo cha A chophatikizana ndi chilembo cha Chitchaina 文. M'Chitchaina muona mawu oyamba ndi zilembo ziwiri izi, 语言, zimene zimatanthauza chiyankhulo. Ndi bwino kuloweza maonekedwe a zilembo ziwirizi, chifukwa zikhala zikubwerabwera pa masamba otsatira. Dinani mzere umenewo, ndipo pa tsamba lotsatira dinaninso mzere woyamba, umene pansi pake pamalembedwa dzina la chiyankhulo chimene foni ikugwiritsa ntchito panopo.

Pa tsamba lomweli la System ndi pamene pamafunika kusamala kwambiri, chifukwa m'munsi mwake muli mzere wa Reset options, umene m'Chitchaina umayamba ndi 重置, ndipo kachizindikiro kake kamakhala kamuvi kozungulira. Mmenemo ndimo muli njira yofufutira zonse za mu foni, imene imalembedwa kuti 恢复出厂设置. Ngati mwalowa pa tsamba lina n'kuona foni ikukufunsani nambala yanu yachinsinsi yotsegulira sikirini, imani pomwepo ndi kubwerera, chifukwa kusintha chiyankhulo sikufuna nambala yachinsinsi. Ichi ndi chizindikiro chodalirika kwambiri chakuti mwasochera.

Tsopano mwafika pa mndandanda wa ziyankhulo, ndipo apa zinthu zimapepuka, popeza dzina la chiyankhulo chilichonse limalembedwa m'chiyankhulo chomwecho. Chingerezi chimaoneka kuti English, Chifalansa kuti Français, Chipwitikizi kuti Português ndipo Chiswahili kuti Kiswahili, ngakhale foni yonse ikhale m'Chitchaina. Kuyambira pa Android 7.0, imene inatuluka mu 2016, foni imasunga mndandanda wa ziyankhulo zingapo zokhala ndi manambala, ndipo chimene chili pa nambala 1 ndicho chimalamulira menyu. Pali zotheka ziwiri. Ngati English ikuonekabe koma ili pa nambala 2, ndiye kuti mwana uja anangowonjezera Chitchaina n'kuchikweza pamwamba. Gwirani kachizindikiro ka timizere kapena timadontho kamene kali kumapeto kwa mzere wa English, ndipo osachotsa chala mukokere mzerewo pamwamba mpaka ufike pa nambala 1. Ngati English palibiretu, dinani mzere umene uli ndi chizindikiro cha +, umene m'Chitchaina umalembedwa kuti 添加语言. Mndandanda wautali utuluka. Pezani English, idineni, ndipo foni ikufunsani dziko, monga United Kingdom kapena United States. Kusankha dziko kumakhudza zinthu monga kalembedwe ka deti, kaya tsiku liyambe kapena mwezi uyambe, koma menyu ikhala ya Chingerezi mulimonsemo.

Anthu ambiri amalakwitsa pa sitepe imeneyi. Amawonjezera English, n'kuona kuti palibe chasintha, n'kuganiza kuti njirayo yakanika. Chimene chachitika n'chakuti chiyankhulo chatsopano chaikidwa pansi pa chakale, choncho muyenera kuchikokera pamwamba monga tafotokozera. Mukangochita zimenezo sikirini imaphethira pang'ono ndipo mawu amasintha nthawi yomweyo, popanda kuzimitsa foni. Mafoni ena atsopano amayamba afunsa ngati mukutsimikiza, ndipo funso limene latuluka mutangokoka chiyankhulo ndi lokhalo limene mungalivomereze musanalimve, chifukwa mukudziwa chimene mwalipempha. Batani lovomereza limakhala kumanja, ndipo lokana limakhala kumanzere.

Mukatha kuwerenganso menyu, musatuluke msanga. Chotsani Chitchaina pa mndandandawo podina timadontho titatu ta pakona ya pamwamba, kusankha Remove, kuchonga chiyankhulo chosafunikacho ndi kudina kachizindikiro ka bini yotayira zinyalala. Chifukwa chake n'chakuti pulogalamu ikakhala kuti ilibe chiyankhulo cha pa nambala 1, imatenga chotsatira pa mndandanda. Munthu amene wasankha chiyankhulo chimene mapulogalamu ambiri sanamasuliridwemo, n'kusiya Chitchaina pa nambala 2, adzadabwa kuona mapulogalamu ena akulembabe Chitchaina. Pa chifukwa chomwechi ndi nzeru kuika pa nambala 2 chiyankhulo chofala chimene mumachimva.

Mafoni amene menyu yake inakonzedwa mosiyana

Pa mafoni a Samsung Galaxy mulibe gawo la System. Chiyankhulo chili mu General management, mzere umene uli chakumunsi kwa Settings, wokhala ndi kachizindikiro ka timizere topingasa tokhala ndi timfundo. Mukautsegula, mzere woyamba ndi Language. Ngati chiyankhulo chanu chilipo kale, chidineni ndipo kenako dinani batani limene lituluke m'munsi, lomwe m'Chingerezi ndi Apply. Ngati mwachita kuchiwonjezera ndi chizindikiro cha +, foni ikupatsani mabatani awiri, lina la Keep current ndi lina la Set as default, ndipo lofunika ndi lachiwirilo. Mukadina lolakwika palibe choonongeka, kungoti chiyankhulocho chikhala chili pa mndandanda kudikira kuti muchisankhe. Dziwaninso kuti mzere wa Reset wa Samsung uli m'kati mwa General management momwemo, chakumunsi.

Pa mafoni a Xiaomi ndi Redmi njira yake imadutsa pa Additional settings, kenako Languages & input, kenako Languages, ndipo kumeneko kawirikawiri mumangodina chiyankhulo chimodzi pa mndandanda popanda kukoka kanthu.

Pa iPhone tsegulani Settings, pulogalamu ya chizindikiro chotuwa cha magiya, kenako dinani General, mzere umenenso uli ndi kagiya kotuwa. M'Chitchaina umalembedwa kuti 通用. M'katimo funani Language & Region, umene uli m'gulu limodzi ndi mizere ya Date & Time ndi Keyboard, ndipo m'Chitchaina ndi 语言与地区, woyamba ndi zilembo ziwiri zija. Mudziwa kuti mwafika mukaona maina a ziyankhulo pamwamba pa tsamba. Kokerani chiyankhulo chanu pamwamba, kapena dinani mawu abuluu amene ali pansi pa mndandandawo kuti muwonjezere china. Foni ikafunsa chiyankhulo chimene chikhale choyamba, sankhani batani limene mukuonamo dzina la chiyankhulo chanu kapena limene lili pamwamba. Sikirini imada kwa kanthawi kochepa pamene ikusintha, ndipo zimenezi si vuto. Mizere ya kumunsi kwenikweni kwa General, imene ndi Transfer or Reset iPhone ndi Shut Down, isiyeni.

Ngati foni yalowa m'Chiarabu

Chiarabu, Chihebri, Chiperezi ndi Chiurdu zimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo foni ikasinthira ku chimodzi mwa izi, menyu yonse imatembenuka. Tizizindikiro timene tinali kumanzere timapita kumanja, kamuvi kobwerera kamasamukira pakona ya kumanja n'kuloza kumanja, timadontho titatu timapita kumanzere, ndipo mabatani ovomereza ndi okana amasinthana malo. Choncho pamene ndanena kuti batani lovomereza lili kumanja, m'ziyankhulo zimenezi lili kumanzere. Chimene sichisintha ndi kutsatana kwa mizere kuchokera pamwamba kupita pansi, moti System idakali kumunsi ndipo mzere wa chiyankhulo udakali woyamba m'katimo. M'Chiarabu Settings ndi الإعدادات, System ndi النظام, ndipo liwu loti chiyankhulo ndi اللغة.

Manambala nawonso akhoza kusintha maonekedwe, ndipo apa pali msampha kwa amene akutsegula sikirini ndi nambala yachinsinsi. Pa manambala a Chiarabu kabwalo aka ٥ ndi 5, osati 0, pamene 0 ndi kadontho aka ٠, ndipo ٦ imene imafanana ndi 7 ndi 6. Nambala yanu yachinsinsi sinasinthe. Idineni potsatira malo a mabatani amene chala chanu chinazolowera, ndipo musayese mobwerezabwereza mwachisawawa, chifukwa foni imadzitseka kwa kanthawi munthu akalakwitsa kangapo motsatizana.

Pamene pulogalamu imodzi yokha ndiyo yasintha

Mapulogalamu ambiri amangotsatira chiyankhulo cha foni, koma ena ali ndi posinthira pawo. Pa WhatsApp ya Android dinani timadontho titatu ta pakona ya pamwamba, sankhani mzere womaliza kapena woyandikira kumapeto umene umatsegula Settings, ndipo funani mzere wa kachizindikiro ka mpira wa dziko, umene ndi App language. Pa Facebook dinani timizere titatu ta menyu, tsikani pa mzere wa kagiya umene ndi Settings & privacy, ndipo m'katimo funani mzere wa chiyankhulo, umenenso umakhala ndi kachizindikiro ka mpira wa dziko. Mndandanda wa ziyankhulo ukangotuluka, mudzazindikira chanu ndi dzina lake.

Palinso malo ena amene anthu ambiri sawadziwa. Kuyambira pa Android 13, ya mu 2022, foni yeniyeniyo imalola kusankhira pulogalamu chiyankhulo chake, ngati pulogalamuyo inakonzedwa kuti izilola zimenezi, pa mzere wa App languages umene uli pa tsamba lomwe lija la ziyankhulo. Pa iPhone mwayi umenewu unayamba ndi iOS 13 mu 2019, ndipo umapezeka mukatsegula Settings n'kudina dzina la pulogalamuyo, kapena kuyamba mwadina Apps pa mafoni a iOS 18 ndi atsopano kuposa pamenepo. Mzere wosankhira chiyankhulo umaoneka pamene foni ili ndi ziyankhulo zoposa chimodzi pa mndandanda wake. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti mumakonza pulogalamu yosamvekayo muli kunja kwake, mu menyu imene mukutha kuwerenga, ndipo ndingalangize kuti muyambe mwayesa imeneyi musanalowe m'kati mwa pulogalamu.

Nthawi zina chiyankhulo chimasungidwa mu akaunti, osati mu foni. Mudzadziwa zimenezi ngati pulogalamu yomweyo kapena tsamba lomwelo likulembanso chiyankhulo chachilendocho mukalowa pa kompyuta kapena pa foni ina. Apa kusintha za mu foni sikuthandiza. Pa akaunti ya Google lembani adiresi iyi pa pulogalamu yotsegulira masamba a intaneti:

```
myaccount.google.com/language?hl=en
```

Kachidutswa komaliza ka `hl=en` kamapempha kuti tsambalo lioneke m'Chingerezi, ndipo mukatero mutha kusankha chiyankhulo cha akaunti yonse. Koma ngati chiyankhulo cha akaunti chasintha inu musanakhudze kanthu ndipo palibe amene munamubwereka foni, musangochibweza n'kuiwala. Yang'anani mndandanda wa zipangizo zimene zalowa mu akauntiyo ndipo sinthani pasiwedi, chifukwa mwina munthu wina walowamo.

Ena amalangiza kufufuta deta ya pulogalamu kapena kuichotsa n'kuiikanso. Zimenezi zimathandiza pa mapulogalamu amene amasunga chiyankhulo mu foni momwemo, koma zimakutulutsani mu akaunti, ndipo pa WhatsApp zingakutayitseni mameseji onse amene sanasungidwe kwina. Pa vuto la mu akaunti sizithandiza n'komwe, popeza mukangolowanso chiyankhulo chija chimabwerera.

Mukasochera

Chida chabwino koposa ndi foni ina ya kampani yomweyo imene menyu yake mukutha kuwerenga. Ikani mafoni awiriwo pafupi, tsegulani Settings pa onse, ndipo muziyenda nawo limodzi tsamba ndi tsamba poyerekeza tizizindikiro. Ndi bwino kudalira tizizindikiro kuposa kuwerenga mizere ndi manambala, chifukwa mafoni awiri a kampani imodzi akhoza kusiyana ndi mzere umodzi kapena iwiri malinga ndi mtundu wake, ndipo kuwerenga kuchokera kumunsi kumalondola kwambiri kuposa kuchokera pamwamba. Kagalasi kofufuzira ka pamwamba pa Settings musakadalire kwambiri, popeza kamafufuza mawu m'chiyankhulo chimene foni ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo, choncho kulembamo liwu la Chingerezi nthawi zambiri sikubweretsa kanthu.

Pa mafoni a mabatani njira ndi yomweyi ya kuyerekeza. Lowani mu menyu, pezani chizindikiro cha giya kapena sipanala, ndipo chiyankhulo chimakhala mu gawo la makonzedwe a foni yeniyeniyo, pafupi ndi posinthira nthawi ndi deti. Tsegulani mizere umodziumodzi kufikira mutaona mndandanda wokhala ndi liwu loti English.

Pewani manambala achinsinsi oyamba ndi nyenyezi amene anthu amauzana kuti amabweza chiyankhulo. Ena a iwo amafufuta foni yonse osafunsa n'komwe, monga `*2767*3855#` pa mafoni akale a Samsung. Kufufuta foni yonse kumabwezadi tsamba losankhira chiyankhulo, koma kumatenga zithunzi, mameseji ndi mapulogalamu onse, ndipo pa Android chitetezo chotchedwa Factory Reset Protection chingafune imelo ndi pasiwedi ya akaunti ya Google imene inali pa foniyo musanaigwiritsenso ntchito. Pa iPhone chitetezo chofanana nacho ndi Activation Lock, chimene chimafuna akaunti ya Apple. Amene anaiwala pasiwedi imeneyo angatsale ndi foni yosatseguka chifukwa cha vuto limene likanatha ndi kukoka mzere umodzi.

Malire ena ndi a foni yeniyeniyo. Mafoni ena amene anapangidwira msika wa dziko limodzi amabwera ndi ziyankhulo zochepa, ndipo ambiri opangidwira msika wa ku China amakhala ndi Chitchaina, Chingerezi ndi zina zowerengeka basi. Pa mafoni otere, ngakhale musankhe English, mapulogalamu ena amene anabwera ndi foni amakhalabe m'Chitchaina chifukwa sanamasuliridwe. Ngati foni inali kale m'chiyankhulo chanu isanasinthe, chiyankhulocho chilimo ndithu ndipo muchipeza pa mndandanda wa chizindikiro cha +. Ngati munaigula ili m'chiyankhulo chachilendo ndipo mwayang'ana mndandanda wonse osapeza chanu, sankhani chimene mukuchimvako pa zimene zilipo, kenako muike ziyankhulo za mapulogalamu anu ofunika payokhapayokha kudzera mu App languages kapena m'makonzedwe a pulogalamu iliyonse.